Kalembedwe ka chikalata cha tenda kuti wopambana adziwike popanda mkangano: chitsanzo cha matiresi 600

Pa tsiku lounika tenda, komiti imaloledwa kugwiritsa ntchito mfundo zokhazo zomwe zidalembedwa m'chikalata chimene makampani adatenga. Ngati simudalembe kuti siponji ya matiresi ikhale yolemera mwakutimwakuti, mulibe pogwira pokana kampani yomwe yabweretsa siponji yopepuka, ngakhale aliyense m'chipindamo akuona ndi maso kuti siidzatha chaka. Mukaikana, ikadandaula ndipo madandaulo ake akamveka. Mukaipatsa kontrakiti, ophunzira ayamba kumva matabwa a bedi kumsana teremu yachiwiri isanathe. N'chifukwa chake ndimati kuunika kwenikweni kumachitikira pa desiki la wolemba chikalata, bokosi la tenda lisanatsegulidwe n'komwe.

Titenge koleji ya boma kuno ku Blantyre yomwe ikufuna matiresi 600 a m'mahositelo, ndipo inu ndinu ofisala wa ku ofesi yogula katundu. Mitengo ndi makampani zomwe ndigwiritse ntchito n'zongoyerekeza kuti tiwerengere limodzi. Chikalata chenichenicho mudzachilemba m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma maganizo ake ndi omwewa.

Yambani ndi chikalata cha PPDA, ndipo dziwani malo anu olembapo

Musayambire pa pepala loyera, komanso musakopere tenda ya chaka chatha yomwe ili pakompyuta ya mnzanu. Tengani chikalata chogulira katundu chomwe amatulutsa a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma lomwe lidalowa m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP potsatira lamulo la 2017, ndipo onetsetsani kuti ndi chomwe chikugwira ntchito panopa. Onaninso malire a ndalama omwe a PPDA adalengeza, chifukwa ndi amene amanena ngati katunduyu agulidwe pongofunsa makotesheni kapena potsatsa tenda m'nyuzipepala, ndiponso ngati pafunika chilolezo chawo IPDC, komiti ya pakoleji panu yovomereza zogula, ikavomereza.

M'chikalatamo muli zigawo zomwe simuyenera kuzikhudza, monga malangizo a kwa opikisana ndi mfundo za kontrakiti zokhudza aliyense. Zanu n'zinayi. Pa Bid Data Sheet mumalembapo masiku, malo ndi mapepala ofunika. Pa Evaluation and Qualification Criteria mumalembapo kaunikidwe. Pa Statement of Requirements mumafotokozapo katunduyo, ndipo pa Special Conditions of Contract mumaikapo za kontrakiti imeneyi yokha. Mavuto ambiri amabwera chifukwa zigawo zinayizi zalembedwa ndi anthu osiyana ndipo sizikugwirizana: kwina akuti katundu afike m'masabata 4, kwina akuti masiku 60.

Sandutsani zofuna za eni ntchito kukhala miyezo

Pempho lochokera kwa oyang'anira mahositelo nthawi zambiri limangoti "matiresi 600 abwino ndi olimba". Mawu amenewa sangayezedwe. Nyamukani, mutenge tepi, mupite ku hositelo ndi amatroni komanso wa ku sitozi. Yezani mabedi angapo m'mabuloko osiyanasiyana, chifukwa mabedi ogulidwa zaka zosiyana sakhala ofanana. Kenaka pemphani kuti akuonetseni matiresi akale omwe adatayidwa. Mukavula nsalu mudzaona momwe adafera: ena adaphwa pakati pomwe pamagona chiuno, ena siponji yake imayoyoka mukaitsina, ena nsalu idang'ambika m'misoko nsikidzi n'kupezamo malo. Chilichonse mwa izi chikuuzani mzere woti mulembe.

Tinene kuti mwapeza kuti mabedi akufuna matiresi ya masentimita 190 m'litali, 90 m'lifupi, ndi 15 kukhuthala kwake. Lembani zimenezo, ndipo muwonjezere kuti kusiyana kwa sentimita imodzi mbali iliyonse n'kololedwa. Mukaiwala chilolezo chimenechi, komiti idzakangana tsiku lonse pa matiresi ya masentimita 189.

Chomwe chimasiyanitsa kwambiri matiresi okhalitsa ndi osakhalitsa ndi densite, kutanthauza kulemera kwa siponji pa kiyubiki mita imodzi. Ogulitsa aliyense adzakuuzani kuti yake ndi ya densite yapamwamba, choncho inu lembani nambala. M'chitsanzo chathu tikuti isachepere makilogalamu 24 pa kiyubiki mita. Ubwino wa nambalayi ndi woti ingatsimikizidwe ndi tepi ndi sikelo basi. Matiresi ya 190 ndi 90 ndi 15 ili ndi makiyubiki mita 0.2565, ndiye siponji ya densite 24 iyenera kulemera makilogalamu pafupifupi 6.16 ikavulidwa nsalu. Ikalemera 4.6, densite yake ili cha pa 18, kaya pachikwangwani chake padalembedwa chiyani. Musasokoneze densite ndi kuuma: siponji ikhoza kumveka youma poidinikiza ndi dzanja m'sitolo koma n'kuphwa msanga, ndiye kudinikiza ndi dzanja kusakhale muyezo.

Muyezo umenewu uli ndi polekezera pake. Opanga ena amathira ufa wolemeretsa mu siponji, ndiye pa sikelo imakhoza koma simakhalitsa. Pofuna kutseka mpata umenewu, pemphaninso lipoti la ku labotale yovomerezeka, monga ya MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, losonyeza momwe siponjiyo imabwererera m'malo ikapanikizidwa, ndipo ikani waranti ya miyezi 12 yoti matiresi yomwe yaphwa kuposa masentimita 2 pakati isinthidwe mwaulere. Musanalembe nambala za mtundu umenewu, funsani a MBS kapena opanga awiri atatu kuti mudziwe zomwe zimapezeka pamsika. Kufunsa msika n'kololedwa bola musalole kuti kampani imodzi ikulembereni miyezo.

Nsalu yokutira ifotokozeni mwachidule: yosalowa madzi, yotheka kupukuta ndi sopo, yosokedwa kawiri m'mphepete. Dzina la kampani yopanga musalitchule. Kulemba dzina la mtundu umodzi wa matiresi n'kusankhiratu wopambana, ndipo ngati palibiretu njira ina yofotokozera katundu, dzinalo litsatidwe ndi mawu oti kapena wina wofanana naye, n'kunenanso chomwe chidzasonyeze kufananako. Pa matiresi palibe chifukwa chofikira pamenepo.

Chinthu china chomwe ndimalimbikira ndi kuchepetsa mizere. Mzere uliwonse womwe mwautcha wokakamiza ndi mpeni womwe udzadule kampani ina. Ngati mtundu wa nsalu, kaya wobiriwira kaya wabuluu, suli kanthu kwa koleji, usiyeni. Mukaulemba, tsiku lina mudzataya bidi, kutanthauza mapepala ndi mitengo yomwe kampani yapereka popikisana, yotsika mtengo ndi mamiliyoni angapo chifukwa cha utoto, kapena mudzaukhululukira n'kupatsa ena chifukwa chodandaulira.

Mzere uliwonse ukhale ndi umboni wake ndi zotsatira zake

Apa ndiye pamtima pa nkhaniyi. Pa chilichonse chomwe mwafuna, yankhani mafunso atatu m'chikalata momwemo: tikufuna chiyani, tidzadziwa bwanji kuti chilipo, nanga chikasowa chidzachitike n'chiyani? Mzere womwe ulibe yankho la funso lachiwiri kapena lachitatu udzasiya komiti ikuweruza ndi mtima, ndipo mitima ya anthu asanu siifanana.

Onani kusiyana kwake. Wina amalemba kuti: "Matiresi akhale a densite yapamwamba ndipo sampulo idzaunikidwa." Wina amalemba kuti: "Wopikisana aliyense apereke sampulo imodzi yathunthu ku sitozi ya koleji nthawi yotseka tenda isanakwane, yolembedwa dzina la kampani ndi nambala ya tenda. Komiti idzavula nsalu, idzayeza siponji ndi tepi, idzaiika pa sikelo yomwe ili ndi chidindo cha MBS, ndipo idzagawa kulemera kwake ndi kukula kwake. Bidi yomwe sampulo yake idzachepere makilogalamu 24 pa kiyubiki mita idzakanidwa. Bidi yopanda sampulo idzakanidwanso." Wachiwiriyu wauza kampani zoti ichite, wauza komiti zoti ichite, ndipo odita akadzabwera pakatha zaka ziwiri adzatha kubwereza muyezowo yekha.

Nenaninso za tsogolo la masampulo. Makampani omwe sadapambane adzatenge awo m'masiku angati, ndipo adziwiretu kuti nsalu idzakhala itatumbulidwa. Sampulo ya wopambana idzatsala ku sitozi, yosainidwa ndi mamembala a komiti ndi cholembera chosafufutika, kufikira katundu yense atalandiridwa. Wa ku sitozi azipereka risiti pa sampulo iliyonse yomwe walandira, yokhala ndi tsiku ndi nthawi.

Ena amakonda kupereka mamalikisi: 30 pa ubwino, 20 pa luso, 50 pa mtengo. Pa katundu wamba ngati matiresi, madesiki kapena mapepala, ine sindivomereza. Mamalikisi amayenera pomwe mukugula nzeru za akatswiri, pomwe wina angakhale waluso kuposa mnzake m'njira yovuta kuyeza. Matiresi yafika pa 24 kapena siidafike. Mukalola mamalikisi, membala wina adzapereka 28 pomwe mnzake wapereka 15 pa sampulo yomweyo, ndipo palibe adzathe kufotokoza chifukwa chake. Lembani kuti miyezo yonse ndi ya kukhoza kapena kulephera, ndipo pakati pa okhoza, kontrakiti idzapita kwa yemwe mtengo wake wounikidwa ndi wotsikitsitsa.

Mapepala oyambirira

Gawo ili n'lalifupi koma limagwetsa makampani ambiri. Ndandalikani pamalo amodzi mapepala onse omwe ayenera kukhala mu envelopu: fomu ya bidi yosainidwa ndi munthu wololedwa kusainira kampani, ndandanda ya mitengo, chikole cha bidi kapena fomu yolonjeza kuti kampani siidzathawa, satifiketi ya kalembera wa bizinesi, satifiketi ya MRA yosonyeza kuti misonkho ili bwino, ndi umboni woti kampani idalembetsa ku PPDA. Pa satifiketi iliyonse nenani kuti ikhale yogwira ntchito pa tsiku lotseka tenda.

Kenaka gawani mapepalawa pawiri. Alipo omwe akasowa bidi yafa pomwepo, monga fomu yosasainidwa, chikole chosowa, kapena bidi yomwe ikuti mtengo wake ukhala masiku ochepa kuposa omwe mwapempha. Aliponso omwe komiti ingapemphe mwa kalata kuti abwere m'masiku owerengeka, chifukwa sasintha mtengo kapena katundu, monga fotokope ya satifiketi ya kalembera yomwe idatuluka kale tenda isanatsekedwe koma siikuwerengeka bwino. Tsatirani zomwe chikalata cha PPDA chanena pa kagawidwe kameneka, ndipo pomwe chakusiyirani mpata, gamulani tsopano. Mukadikira kuti mudzagamule mutaona kale mayina ndi mitengo, chigamulo chilichonse chidzaoneka ngati chokondera, ngakhale mutakhala oyera mtima.

Pa nthawi yoti mitengo ikhale yosasintha, masiku 90 ndi okwanira pa tenda ngati iyi, ndipo konzani kuti muunike ndi kupereka kontrakiti mkati mwake. Mankhwala opangira siponji amachokera kunja, ndiye mtengo wake umayenda ndi ndalama yakunja. Omwe adali ndi mabidi m'manja mu Novembala 2023, pomwe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa zomwe zimachitika kuunika kukachedwa: wopambana amabwera ndi kalata yopempha kukweza mtengo, kapena amangosowa.

Nenani momwe mitengo idzafananizidwire

Mtengo womwe wawerengedwa mokweza pa tsiku lotsegula mabidi si womwe umapambanitsa. Umayamba wakonzedwa kuti mabidi onse aime pamzere umodzi, ndipo njira yokonzerayo iyenera kukhala m'chikalata.

Choyamba, nenani zomwe zili mkati mwa mtengo. Lembani kuti mtengo ukhale m'makwacha, wa katundu wofikitsidwa ndi kutsitsidwa ku sitozi ya koleji ku Blantyre, ndipo VAT ilembedwe pa mzere wakewake. Mukapanda kutero, kampani ya ku Kanengo ku Lilongwe idzapereka mtengo wa pa fakitale, ya ku Makata idzaphatikiza thiransipoti, ina idzaphatikiza VAT, ina ayi, ndipo mudzakhala mukufananiza zinthu zosafanana. Nenaninso ngati kufananiza kudzakhale ndi VAT kapena popanda VAT, njira imodzi kwa onse. M'chitsanzo chathu tifananiza popanda.

Chachiwiri ndi masamu olakwika. Lamulo lozolowereka m'zikalata za tenda ndi loti mtengo wa chinthu chimodzi ukasemphana ndi chiwonkhetso, wa chinthu chimodzi ndi womwe umatengedwa ndipo chiwonkhetso chimakonzedwa, pokhapokha zikuonekeratu kuti kadontho ka desimo kadaikidwa polakwika. Manambala akasemphana ndi mawu, mawu ndi amene amatengedwa. Kampani imauzidwa mwa kalata, ndipo ikakana kukonzako bidi yake imagwa. Izi zimakhalamo kale m'malangizo a kwa opikisana, inu ongoonetsetsani kuti simudalembe zotsutsana nazo kwina.

Chachitatu ndi nthawi yobweretsa katundu, yomwe kwa koleji ndi nkhani yaikulu chifukwa ophunzira ali ndi tsiku lofika. Mawu oti "obweretsa msanga adzaganiziridwa" ndi opanda ntchito, chifukwa sanena kuti adzaganiziridwa ndi ndalama zingati. Lembani motere: katundu afike pakati pa masabata 4 ndi masabata 8 kontrakiti itasainidwa, bidi yopitirira masabata 8 idzakanidwa, palibe mphotho kwa wobweretsa masabata 4 asanakwane, ndipo pa sabata iliyonse yopitirira masabata 4, mtengo wa bidi udzawonjezeredwa 0.5 peresenti pofananiza pokha. Nambala imeneyi isangochokera m'mutu. Dzifunseni kuti kuchedwa kwa sabata imodzi kungaidye koleji ndalama zingati, ndipo muisunge pafupi ndi chindapusa chomwe mudzaike m'kontrakiti kwa wochedwa.

Ngati tenda ikupereka mwayi wapadera kwa mabizinesi ang'ono ndi apakati potsatira lamulo lomwe boma lidakhazikitsa mu 2020, lembani poyera kuti mwayiwo ndi wotani, udzawerengedwa bwanji, ndipo umboni wake ndi satifiketi iti. Mwayi womwe sudalembedwe sungatulukire m'chipinda chounikira.

Lingaliraninso za maloti, kutanthauza magawo omwe katundu wa tenda imodzi amagawidwamo. Matiresi okha ndi loti imodzi. Koma ngati mukugulanso mabedi achitsulo, agaweni pawokha, chifukwa wowotcherera zitsulo wa ku Ndirande sapanga siponji, ndipo mukaziphatikiza mudzangoitana amalonda apakati omwe adzaikepo phindu lawo pa zonse ziwiri. Mukagawa, nenani kuti loti iliyonse idzaunikidwa ndi kuperekedwa payokha, ndiponso kuti kampani ipereke mtengo wa katundu yense wa mu lotiyo.

Kuyenera kwa kampani

Mukapeza bidi yotsikitsitsa, funso lotsala ndi loti kodi kampaniyo ingathedi kubweretsa matiresi 600. Kufufuza kumeneku kumachitika pa kampani yomwe yatsogola yokha. Ikalephera, mumapita kwa yotsatira. Pano napo pakufunika manambala. M'malo mwa "kampani yodziwa ntchito", lembani kuti ikhale itamaliza makontrakiti awiri obweretsa matiresi kapena katundu wofanana nawo m'zaka 3 zapitazi, iliyonse yosachepera K30,000,000, ndipo umboni wake ukhale oda kapena kontrakiti pamodzi ndi pepala losonyeza kuti katundu adalandiridwa. Fotokozani tanthauzo la wofanana, mwachitsanzo zogonera ndi mipando ya siponji. Pa za ndalama, mungapemphe kalata ya ku banki yosonyeza kuti kampani ili ndi ndalama kapena mwayi wa ngongole wosachepera K20,000,000. Kwa yemwe sapanga yekha, pemphani kalata yochokera kwa wopanga yomuloleza kugulitsa ndi kupereka waranti.

Musakweze miyezoyi mopitirira muyeso. Tenda ya mamiliyoni pafupifupi 60 siifuna kampani yomwe idagulitsapo katundu wa biliyoni. Mukatero mudzatsala ndi makampani awiri omwewo chaka ndi chaka, ndipo mitengo idzakwera. Kumbukiraninso kuti kontrakiti ya zaka 3 zapitazo idalembedwa m'makwacha omwe anali ndi mphamvu kuposa a lero, ndiye kufuna kontrakiti yakale yofanana ndendende ndi mtengo wa lero n'kufuna zambiri kuposa momwe zikuonekera papepala. Theka la mtengo woyerekeza ndi poyambira pabwino.

Yesani chikalata chanu ndi mabidi ongopeka

Musanapite nacho ku IPDC, jambulani fomu yomwe komiti idzagwiritse ntchito pounika, mzere ndi mzere kuchokera m'chikalata. Kenaka pekani mabidi asanu ovuta, mupatse anzanu awiri aliyense payekha, muone ngati atulutse wopambana mmodzi. Nawa a chitsanzo chathu.

Kampani A yapereka K88,000 pa matiresi imodzi, zonse K52,800,000, ndipo ndi yotsika kuposa onse pa tsiku lotsegula. Mapepala ake ali bwino. Koma sampulo itavulidwa nsalu yalemera makilogalamu 4.6, densite pafupifupi 18. Yagwa pa miyezo, ndipo mtengo wake sulowanso m'kufananiza.

Kampani D yapereka K99,000, zonse K59,400,000, koma pa fomu yalemba kuti mtengo ukhala masiku 30 okha pomwe tidapempha 90. Yagwa pa mapepala oyambirira, sampulo yake isanakhudzidwe n'komwe. Komiti siingaiimbire foni kuti isinthe, chifukwa kumeneko n'kuilola kusintha bidi itaona kale mitengo ya anzake.

Zatsala zitatu, ndipo masampulo awo onse apitirira makilogalamu 6.16. Kampani B yapereka K104,000, zonse K62,400,000, kubweretsa m'masabata 8. Yapitirira masabata 4 ndi masabata ena 4, ndiye tiwonjezera 2 peresenti, yomwe ndi K1,248,000. Mtengo wake wounikidwa ndi K63,648,000.

Kampani C yapereka K105,000 pa imodzi, kubweretsa m'masabata 4, koma pa chiwonkhetso yalemba K60,300,000. Mukachulukitsa 105,000 ndi 600 mupeza K63,000,000. Wolembayo adatembenuza manambala. Titenga mtengo wa imodzi, tikonza chiwonkhetso, tiilembera kalata, ndipo yavomera. Palibe chowonjezera pa nthawi, ndiye mtengo wake wounikidwa ndi K63,000,000.

Kampani E yapereka K101,000, zonse K60,600,000, kubweretsa m'masabata 5. Sabata imodzi yowonjezera ndi K303,000, ndiye mtengo wounikidwa ndi K60,903,000. Iyi ndiyo yatsogola, choncho tiyamba nayo kufufuza kuyenera kwake. Yaonetsa kontrakiti imodzi yokha ya K12,000,000 pomwe tidafuna ziwiri za K30,000,000 iliyonse. Yalephera. Tipita kwa yotsatira, yomwe ndi C, ndipo ikakhoza, kontrakiti ndi yake pa K63,000,000 kuwonjezapo VAT.

Taonani kuti B inali yotsika kuposa C ndi K600,000 pa mtengo weniweni, koma yatsalira chifukwa cha masabata 4 ochedwa. Chikalata chikadangoti "nthawi idzaganiziridwa", B ikadakhala ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Pano ingathe kutenga kakyuleta n'kudzipezera yokha pomwe yagwera. Dziwaninso kuti zowonjezera zija n'zofananizira chabe: B ikadapambana, kontrakiti yake ikadakhala ya K62,400,000.

Anzanu awiri aja akasiyana mayankho, musawatsutse. Afunseni mzere womwe adaumva mosiyana, n'kuukonza. Kawirikawiri amasiyana pa zinthu zing'onozing'ono zomwe wolemba adaziona ngati zodziwikiratu. Kodi kampani ikalemba kuti "masabata 4 mpaka 6" titenge nambala iti? Lembani kuti idzatengedwa yaikuluyo. Kodi ikalemba masiku 38? Lembani kuti gawo la sabata lidzawerengedwa ngati sabata yathunthu. Nanga kuchotsera mtengo komwe kwalembedwa m'kalata yapadera? Lembani kuti kudzawerengedwa kokha komwe kuli pa fomu ya bidi ndipo kwawerengedwa mokweza potsegula.

Zomwe mwaunika zilowenso m'kontrakiti

Sampulo yabwino siitanthauza kuti lole idzabwera ndi zofanana nayo. Mu Special Conditions of Contract lembani kuti polandira katundu, komiti yolandira idzasankha yokha matiresi imodzi pa 50 alionse, kuchokera pakati ndi pansi pa mulu, n'kuiyeza m'njira yomwe ija ya tepi ndi sikelo, woimira kampani ali pomwepo. Pa matiresi 600 ndiye kuti 12. Nenani chomwe chidzachitike imodzi ikalephera, mwachitsanzo kuti gulu lonse la 50 lidzabwezedwa pa ndalama za kampani, ndiponso kuti kusokanso nsalu za zoyesedwazo ndi udindo wa kampani. Ikani chindapusa cha kuchedwa pa sabata ndi malire ake, waranti ya miyezi 12 ija, ndi masiku omwe koleji idzalipire ikalandira katundu ndi invoisi. Popanda chindapusa, kampani iliyonse yochenjera idzalemba masabata 4 kuti ipambane n'kubweretsa patatha masabata 10.

Tenda ikatuluka, makampani adzafunsa mafunso. Ikani tsiku lomaliza lofunsira ndi adiresi imodzi yolandirira mafunso olembedwa. Wina akakupezani pakhonde kapena akakuimbirani madzulo, muuzeni mwaulemu kuti, "Bwana, lembani, tiyankha onse pamodzi." Yankho lipite kwa aliyense yemwe adatenga chikalata, funso likhale momwemo koma osatchula wofunsa. Funso likakuonetsani kuti muyezo wina ndi wolakwika, tinene kuti opanga onse akuti siponji imadulidwa pa masentimita 188 osati 190, konzani kudzera m'kalata yowonjezera yovomerezedwa ndi omwe adavomereza chikalata choyamba, ndipo ngati kusinthako n'kwakukulu sunthani tsiku lotseka kuti onse akonzenso mabidi ndi masampulo awo. Sungani kaundula wa omwe adatenga chikalata wokhala ndi imelo ndi nambala ya foni ya aliyense, ndipo aliyense atsimikize mwa kulemba kuti kalata yowonjezerayo wailandira. Nthawi yotseka ikakwana, mpata wokonza miyezo watha, ndipo chomwe chatsala m'chikalata ndi chomwe komiti idzagwiritse ntchito pa mabidi onse.